Funsani Musanalipire Malo Pachionetsero cha Malonda

Chaka ndi chaka, bwalo la zionetsero la Chichiri mumzinda wa Blantyre limadzaza ndi makampani akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe. Bungwe la amalonda ndi mafakitale la MCCCI limakonza kumeneko chionetsero cha malonda cha mayiko osiyanasiyana komanso china cha zaulimi. Kupatula zimenezi, kuli maphwando a nyimbo a kunyanja monga Lake of Stars ndi Sand Music Festival, kuli Tumaini ku Dzaleka, kuli misonkhano ya m'mahotela ndi timisika ta Loweruka ta m'mizinda. Konseku okonza mwambo amagulitsa zinthu ziwiri kwa ife amalonda: malo oti tiyalepo katundu wathu, ndi mwayi woti dzina la bizinesi yathu lioneke ndi kutchulidwa ngati wothandiza mwambowo. Ine ndimapanga chiponde, ndipo kabizinesi kanga sikakwana n'komwe antchito asanu. Zaka zimene ndakhala ndikuyala mabotolo anga m'zionetsero zandiphunzitsa kuti phindu kapena kuluza kumayambira pa zokambirana za ine ndi wokonza mwambo, tsiku lotsegulira lisanafike.

Ambiri a ife timapita kwa wokonza mwambo titanyamula manyazi. Timaona ngati iye ndiye bwana, ife ndife opempha, choncho timangofunsa funso limodzi lokha, lakuti malo ndi ndalama zingati, ndipo akatchula mtengo timathokoza n'kutuluka. Komatu wokonza mwambo nayenso ndi wamalonda. Wabwereka bwalo, walonjeza alonda ndi oimba kuti adzawalipira, ndipo malo alionse amene atsale opanda munthu ndi ndalama yotayika kwa iye. Pamenepa ine ndi kasitomala, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wodziwa chimene akugula. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wokonza mwambo wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso. Kawirikawiri amakhala ndi chikalata cha mitengo ndi mapu a bwalo zokonzeratu, kungodikira woti afunse.

Funso langa loyamba silikhala la mtengo. Ndimafunsa kuti kumabwera anthu otani. Chiwerengero chokha sichindithandiza kwenikweni, chifukwa khamu la ana asukulu obwera pabasi kudzaona mathirakitala ndi losiyana ndi kagulu kochepa ka eni magolosale ndi ogula zinthu a m'mahotela. Ana asukulu amalawa chiponde, amasangalala, amapita, pamene mwini golosale mmodzi akhoza kumatenga makatoni mwezi ndi mwezi. Choncho ndimafunsa ngati pali tsiku limene lapatulidwira amalonda okhaokha, ngati pakhomo pamalipiridwa ndipo ndi zingati, komanso ngati chiwerengero chimene akutchulacho n'chochokera pa matikiti ogulitsidwa kapena n'chongoyerekeza ndi maso. Kenako ndimapempha mayina a mabizinesi amene adayala katundu chaka chatha. Ndikapeza awiri kapena atatu a msinkhu wanga, ndimawaimbira foni n'kuwafunsa chinthu chimodzi: kodi chaka chino mubwereranso? Yankho lawo limandiuza zambiri kuposa chikalata chilichonse chokongola. Wokonza mwambo akamazemba kutchula ngakhale bizinesi imodzi ya chaka chatha, kapena akamangoti anthu adzakhala ambirimbiri osanena kuti adziwa bwanji, ndimadziwa kuti ndiyenera kuyenda mosamala.

Funso lachiwiri ndi lakuti mumtengowo muli chiyani. Malo odziwika kwambiri m'zionetsero ndi a mamita 3 mulitali ndi mamita 3 mulifupi. Koma malo a muyeso umenewu akhoza kukhala kachipinda komangidwa kale, kokhala ndi makoma a matabwa, bolodi la dzina, babu ndi soketi ya magetsi, kapena akhoza kukhala dothi lokha loikidwa malire ndi chingwe, loti tenti, tebulo ndi mipando ubwere nazo wekha. Zinthu ziwirizi zonse amazitchula kuti sitandi, ndipo munthu wosafunsa amadzazindikira kusiyana kwake m'mawa wa tsiku loyamba, makatoni ali pansi padzuwa. Ndimafunsanso za magetsi, ngati alipo komanso ngati pali jenereta akazima. Ndimafunsa ngati katundu angagone pamalopo usiku ndipo akasowa mlandu ndi wa yani. Ndimafunsa kuchuluka kwa ziphaso zolowera za ogwira ntchito pasitandi, chifukwa pena amapereka ziwiri zokha ndipo wachitatu amalipira pakhomo tsiku lililonse. Ndimafunsa nthawi imene galimoto imaloledwa kulowa kudzatsitsa katundu. Ndipo poti ndimagulitsa chakudya, ndimafunsa ngati kugulitsa ndi kulawitsa n'kololedwa, kapena ndi kuonetsa kokha, ndiponso ngati adzafuna kuona chiphaso cha bungwe loona za ubwino wa katundu la MBS. Kwa ife a chiponde nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa wogula wa sitolo yaikulu amafuna umboni wakuti mtedza wathu udayezedwa ndipo ulibe poizoni wochokera ku chuku.

Mapu a bwalo ndimawapempha nthawi zonse, chifukwa masitandi awiri a mtengo umodzi akhoza kusiyana kutalitali pa malonda. Anthu akalowa pachipata amatsata njira yaikulu yopita kumene kuli nsanja kapena zakudya, ndipo mizere ya kumbuyo imaona anthu ochepa, otopa kale, ndalama zitatha. Sitandi ya pakona imaonekera mbali ziwiri. Sitandi yoyandikana ndi zokuzira mawu imakhala ndi anthu ambiri, koma sungamvane ndi kasitomala, ndipo ntchito yanga yonse pachionetsero ndi kulankhula. Wopanga chiponde amafunanso mthunzi, chifukwa botolo likakhala padzuwa tsiku lonse mafuta amayandama pamwamba ndipo wogula amaganiza kuti chaonongeka. N'chifukwa chake sindivomera kuti malo adzandisonyeza ndikadzafika. Ndimasankha nambala ya sitandi pamapu, ndipo nambalayo ilembedwe pa invoisi.

Ndifotokoze mmene ndidawerengera pa chionetsero china cha masiku atatu mumzinda, kuti muone chifukwa chimene mafunsowa alili ofunika. Mitengo yasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma kawerengedwe kake n'komweko. Mayi amene ankayang'anira masitandi adandiuza kuti malo a mamita 3 mbali zonse ndi K300,000.

"Mayi, kodi mtengo umenewu msonkho ulimo kale?" ndidafunsa.

"Ayi bambo, VAT timaonjezera pamwamba," adayankha. "Komanso tebulo ndi mipando timabwereketsa padera."

Msonkhowo panthawiyo unali 16.5 peresenti, choncho sitandi idafika pa K349,500. Tebulo ndi mipando iwiri zinali K30,000. Galimoto yonyamula katundu kupita ndi kubwerera inali K60,000. Mnyamata wondithandiza, malipiro ndi chakudya chake, K45,000. Chinsalu cholembedwa dzina la bizinesi ndi timapepala togawa, K55,000. Chiponde cholawitsa ndi buledi wake, K40,000. Zonse pamodzi zidayandikira K580,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo umene udatchulidwa poyamba.

Botolo langa la magalamu 500 ndinkagulitsa K5,000, ndipo mtedza, botolo, chizindikiro chomata ndi magetsi zinkadya K3,500. Phindu pa botolo linali K1,500. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: amagawa ndalama zolowa pachionetsero ndi mtengo wogulitsira, n'kupeza kuti mabotolo 116 akwanira. Koma chimene chimabweza ndalama za sitandi ndi phindu, osati mtengo wonse, chifukwa K3,500 ija idapita kale popanga chipondecho. Ndikagawa K580,000 ndi K1,500, ndimapeza mabotolo 387. Pa masiku atatu ndiye kuti mabotolo 129 patsiku, ndipo pa maola asanu ndi atatu ndiye botolo limodzi pafupifupi mphindi zinayi zilizonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapuma. Aliyense amene adaimapo pasitandi akudziwa kuti m'mawa mumakhala zii, ndipo anthu amachuluka masana ndi tsiku lomaliza. Chiwerengero chimenecho sichikadatheka.

Ndidabwerera kwa mayi aja ndi funso lina: kodi mabizinesi awiri angagawane sitandi imodzi? Adati n'zotheka, malinga onse awiri alembetse mayina ndipo katundu asatulukire m'njira. Ndidagwirizana ndi mnzanga wina wogulitsa uchi. Katundu wathu sapikisana, ndipo wogula uchi nthawi zambiri ndi yemweyo wogula chiponde. Tidagawana pakati mtengo wa sitandi, tebulo ndi galimoto, ndipo poti tinkalandizana pasitandi, mnyamata wothandiza sadafunikenso. Mbali yanga idatsika kufika pafupifupi K315,000, kutanthauza mabotolo 210, kapena 70 patsiku. Chikadali chiwerengero chokwera, koma tsopano chinali chotheka kuchiyandikira.

Chimene chidandipangitsa kulipira ndi kuwerengera kwina. Golosale imodzi ikamatenga makatoni anayi a mabotolo 12 pamwezi, pa mtengo wopikulitsa wa K4,300, phindu langa ndi K800 pa botolo, K38,400 pamwezi, ndipo pachaka ndi K460,800. Ndiye kuti golosale imodzi yokha yokhazikika imabweza ndalama zonse za chionetsero, ngakhale malonda a pasitandi atakhala ochepa. Apa m'pamene funso loyamba lija, lakuti kumabwera anthu otani, limaonetsa kulemera kwake. Mayi aja adanditsimikizira kuti tsiku loyamba adaitana eni masitolo ndi mahotela, ndipo mabizinesi a chaka chatha amene ndidawaimbira adavomereza kuti anthu otere amabweradi. Zikadakhala kuti ndi phwando la nyimbo la usiku, kumene anthu amafuna chakudya chotentha ndi zakumwa, sitandi yomweyo pa mtengo womwewo ikadakhala kutaya ndalama. Wovina sanyamula botolo la chiponde m'thumba.

Tsopano za kukhala wothandiza mwambo, kapena kuti siponsa. Okonza miyambo amakonda kugawa mwayi umenewu m'magulu atatu, la golide, la siliva ndi la mkuwa, lililonse ndi mtengo wake. Chimene umagula ndi kuonekera kwa dzina: chizindikiro cha bizinesi pa zinsalu ndi mapositala, kutchulidwa ndi woyendetsa mwambo, kutchulidwa pa zolengeza za pawailesi, matikiti angapo aulere, ndipo pena sitandi yaulere. N'zokopa ndithu kuona dzina la kabizinesi kako litaima pafupi ndi la banki kapena la kampani ya mafoni. Koma ndalingalira nthawi yaitali za kusiyana kwa ine ndi makampani amenewo. Munthu akaona dzina la banki pachinsalu, mawa lake adzadutsa panthambi yake, ndipo dzinalo lidzamukumbutsa. Akaona dzina la chiponde changa pachinsalu, n'kupita kusitolo ya kwawo osachipeza pa shelefu, ndalama yanga yathera pomwepo. Dzina limagwira ntchito pamene katundu ali kale pafupi ndi wogula. Bizinesi imene katundu wake sanafalikire imafuna kukumana ndi anthu maso ndi maso, kuwalawitsa, kulemba manambala awo a foni, ndipo zimenezi zimachitikira pasitandi.

Sindikunena kuti wamalonda wamng'ono asafunse n'komwe za usiponsa. Afunse, koma mafunso ake akhale olunjika. Kodi m'gulu la mkuwa muli mabizinesi angati? Ngati ali 20, chizindikiro chako chidzakhala kadontho pansi pa chinsalu kosawerengeka ndi munthu woima patali. Kodi wopanga chiponde wina angalowenso m'gulu lomwelo, kapena mtundu uliwonse wa malonda umakhala ndi siponsa mmodzi? Kodi mapositala adasindikizidwa kale? Ngati adasindikizidwa, gawo lalikulu la chimene ukulipira lapita, ndipo mtengo uyenera kutsika. Kodi kutchulidwako ndi kangati patsiku, ndipo ndi nthawi yanji, anthu atadzaza kapena bwalo likadali lopanda anthu? Lonjezo lakuti tidzakutchulani pafupipafupi silingayezedwe, ndipo chimene sichingayezedwe sungachidandaule chikapanda kuchitika.

Njira imene ndaiona ikutiyenera ife ang'onoang'ono ndi yothandiza ndi katundu m'malo mwa ndalama. Pamsonkhano wa m'hotela okonza amafuna mphatso za olankhula ndi zoika m'zikwama za alendo. Pa mitengo ya nthawi ija, ndikapereka mabotolo 60, wokonza amawerengera pa mtengo wa kusitolo, K300,000, pamene ine andidya K210,000. Kuposa apo, botolo lililonse limapita kunyumba ya munthu, limakhala patebulo lake masabata angapo, ndipo nambala yanga ya foni ili pachizindikiro. Posinthana ndimapempha tebulo pakhomo la holo nthawi yopuma tiyi. Zoterezi sizilembedwa m'chikalata cha mitengo. Zimapezeka pokhapokha utafunsa kuti, kupatula ndalama, n'chiyani chimene mwambowu ukusowa chimene ine ndingapereke. Nawonso malire alipo: kupereka katundu wochuluka kuposa amene ungapangenso msanga kumasiya makasitomala ako akale opanda kanthu, choncho ndimapereka zokhazo zimene sizingaimitse maoda a mweziwo.

Kafunsidwe kake nakonso kali ndi njira. Ndimayamba msanga, miyezi iwiri kapena itatu mwambo usanachitike, chifukwa masitandi abwino amayamba kutha, ndipo okonza ambiri amatsitsa mtengo kwa olipira mofulumira. Ndimalemba kalata yaifupi pa imelo kapena pa WhatsApp. Ndimatchula dzina la bizinesi, chimene ndimapanga, kumene ndili, ndi chimene ndikufuna pamwambowo, kaya ndi kugulitsa kapena kupeza masitolo otenga katundu. Kenako ndimapempha chikalata cha mitengo, mapu a bwalo, tsiku lomaliza kulembetsa, ndi kudziwa ngati pali mtengo wapadera wa mabizinesi ang'onoang'ono, makopaletivi kapena mamembala a bungwe lawo. Sindidandaula za umphawi m'kalatamo, ndipo sindidzikuza ngati kampani yaikulu. Kunena zoona za kukula kwa bizinesi kumathandiza wokonza kukulozera malo okuyenera, ndipo pena amakuuza za mabungwe a chitukuko amene amagula malo ambiri n'kuikapo amalonda ang'onoang'ono pansi pa tenti imodzi.

Chomaliza ndi kalipiridwe, ndipo apa m'pamene anthu ambiri alirira. Zonse zimene tagwirizana pafoni ndimazilemba mu uthenga umodzi n'kupempha wokonza kuti ayankhe kuti n'zoona. Ndimapempha invoisi yokhala ndi dzina la bungwe, ndipo ngati akulipiritsa VAT, nambala yawo ya msonkho ya ku MRA ioneke. Ndalama ndimatumiza ku akaunti ya bungwelo, osati ku nambala ya foni ya munthu amene sindikumudziwa, chifukwa akuba amatha kutenga positala ya mwambo weniweni n'kuikapo nambala yawo. Munthu akamakukakamiza kuti utumize dipoziti lero lomwe, kwinaku akukana kukupatsa invoisi kapena kukuuza kumene kuli ofesi, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira. Ndimafunsanso kuti mtengo umene anditchulirawo ukhala mpaka liti. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yambiri yolonjezedwa pakamwa idasintha m'masiku ochepa, ndipo amene adali ndi pepala m'manja ndiwo adali ndi poimira.

Ndimafunsanso chimene chidzachitike mwambo ukalephereka kapena ukasunthidwa. Mu Malichi 2020 boma lidaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha mliri wa korona, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adaimitsa zinthu zambiri m'chigawo cha kumwera. Zoterezi si mlandu wa wokonza mwambo, koma ndalama ya sitandi kwa ine ndi mpamba wogulira mtedza. Choncho ndimafuna kudziwa ngati adzabweza yonse, kapena gawo lake, kapena adzaisungira tsiku latsopano, komanso ngati ndingabweze malo ndikaona kuti tsiku latsopanolo silikundiyenera. Wokonza wina amayankha kuti sabweza kanthu. Yankho limenelo ndi lomveka ndipo ndimalilemekeza, chifukwa landipatsa mwayi wosankha ndikudziwa. Choopsa ndi kusayankha.

Ndikaganizira zonsezi, ndimaona kuti mafunso amenewa amatetezanso ubale wa wamalonda ndi wokonza mwambo. Mikangano yambiri ya pachionetsero imabuka chifukwa wina ankayembekezera tebulo pamene winayo sadalonjeze tebulo. Pamene zonse zidafunsidwa ndi kulembedwa, aliyense amadziwa mbali yake, ndipo chaka chotsatira wokonza uja amakuimbira yekha kukuuza kuti sitandi ya pakona ikadalipo. Ndipo pali nthawi zina pamene mayankho onse amakhala abwino, wokonza ndi wachilungamo, koma masamu akukana. Pamenepo kukana malo si kulephera. Ukhoza kugula tikiti ya pakhomo, kunyamula mabotolo awiri m'chikwama, kuyenda m'mizere kuona kumene anthu amaima, ndi kubwerera chaka chamawa ukudziwa sitandi imene ukufuna.

Inu amene muli ndi kabizinesi ndipo mwaona chilengezo cha chionetsero, musanatumize ngakhale dipoziti, funsani anthu amene amabwera, funsani zimene zili mumtengo, sankhani malo pamapu, ndipo gawani ndalama zonse zolowa ndi phindu la chinthu chimodzi chimene mumagulitsa. Chiwerengero chimene mupeze chikakhala choti mungachikwanitse, kapena pakakhala ogula opikula amene angachikwaniritse m'miyezi yotsatira, lipirani ndipo mutenge lisiti. Chikakhala chosatheka, sungani mpamba wanu.